Kuumba maseva ndi chikombole chimodzi

M'maofesi ambiri masiku ano, munthu akati seva sakunenanso bokosi lachitsulo lomwe mungalikhudze ndi dzanja. Bokosilo limakhalapo ndithu, limodzi, lamphamvu, koma m'kati mwake mumakhala makompyuta angapo ongoyerekeza. Iliyonse imakhala ndi gawo lake la memore, disiki yake ndi khadi lake la netiweki, ndipo imagwira ntchito ngati kuti ili payokha. Pa sikirini mumaziona zitalembedwa kuti VM. Disiki ya kompyuta yotereyi kwenikweni ndi fayilo chabe, kapena kachigawo ka disiki yeniyeni ya m'bokosi muja. Ndipo chilichonse chomwe chili fayilo chingathe kukoperedwa.

Apa ndi pomwe padachokera nzeru ya tempuleti ya golide. M'malo moika Ubuntu kapena Windows kuyambira pachiyambi nthawi iliyonse yomwe mukufuna seva yatsopano, mumakonza seva imodzi mosamala, n'kuikamo zonse zofunika, n'kuizimitsa, n'kuitseka kuti isadzasinthidwenso. Kuyambira pamenepo, seva ina iliyonse imangokhala kope la imeneyo. Zili ngati chikombole cha njerwa: mukachipala bwino kamodzi, njerwa zonse zimatuluka zofanana, ndipo chikakhala chokhota, uvuni wonse umatuluka wokhota. Koma fanizoli limathera pomwepa, chifukwa njerwa sifuna dzina. Seva imafuna. Maseva awiri akafanana pa mapulogalamu ndiye bwino, koma akafanananso pa dzina, pa adiresi ndi pa makiyi achinsinsi, ndiye kuti mwadzipalira mavuto omwe savuta kuwayambitsa koma amavuta kwambiri kuwazindikira. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti luso la ntchitoyi silili pa kukopera. Kukopera ndi lamulo limodzi. Luso lili pa kudziwa zoyenera kufufuta musanatseke tempuletiyo.

Tiyeni tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti pa koleji ina pali bokosi limodzi lomwe lili ndi Proxmox VE, pulogalamu yoyendetsera makompyuta ongoyerekeza yomwe imapangidwa ku Vienna m'dziko la Austria, ndipo idayamba kutuluka mu 2008. Woyang'anira makompyuta akufuna maseva atatu a masamba a pa intaneti lero, ndipo akudziwa kuti temu ikubwerayi adzafuna ena. Wasankha Ubuntu 24.04, yomwe idatuluka mu Epulo 2024 ndipo izilandira maapudeti a chitetezo kwa zaka zisanu.

Poyambira pabwino

Pali njira ziwiri zoyambira. Mutha kuika Ubuntu monga mwa masiku onse, n'kumayankha mafunso a pa sikirini. Kapena mutha kutenga disiki yokonzeratu yomwe kampani ya Canonical, eni ake a Ubuntu, imatulutsa kaamba ka ntchito yomweyi. Ya 24.04 dzina lake ndi `noble-server-cloudimg-amd64.img`, ndipo sifika ngakhale gigabaiti imodzi. Ndimalimbikitsa njira yachiwiriyi pa chifukwa chimodzi chachikulu: disikiyi imabwera ndi pulogalamu ya cloud-init ili tcheru. Ntchito ya cloud-init ndi kudzuka seva ikayatsidwa koyamba, kuwerenga kakalata komwe mwaisiyira, n'kuipatsa sevayo dzina, adiresi, munthu wololedwa kulowa komanso makiyi ake. Mu Ubuntu yoikidwa pamanja cloud-init imakhalamonso, koma pulogalamu yoikira ija imaisiya itamangidwa manja, ndipo ambiri amadabwa kuti makope awo sakumva zomwe akuuzidwa.

Mukatsitsa fayiloyo n'kuiika m'bokosi la Proxmox, mumapanga seva yopanda kanthu, n'kulowetsamo disikiyo:

```
qm create 9000 --name ubuntu2404-golide --memory 2048 --cores 2 \
  --net0 virtio,bridge=vmbr0 --scsihw virtio-scsi-pci
qm set 9000 --scsi0 local-lvm:0,import-from=/root/noble-server-cloudimg-amd64.img
qm set 9000 --ide2 local-lvm:cloudinit --boot order=scsi0
qm resize 9000 scsi0 20G
```

Nambala ya 9000 ilibe matsenga. Anthu amangokonda kupatsa matempuleti manambala akutali kuti asasakanikirane ndi maseva ogwira ntchito, omwe amayambira pa 100. Lamulo lachitatu ndi lomwe limalumikiza kadisiki kakang'ono konyamula kalata ya cloud-init ija. Mzere womaliza umakulitsa disiki kufika pa magigabaiti 20, chifukwa yomwe imabwera ndi yaing'ono kwambiri moti ingadzadze maapudeti asanathe n'komwe. Musaikulitse mopitirira. Kukulitsa disiki ya kope pambuyo pake n'kosavuta, koma kuichepetsa ndi ntchito yowawa, ndipo tempuleti ya magigabaiti 100 imabala makope a magigabaiti 100 okhaokha.

Kenaka mumalemba m'kalata ija dzina la munthu wolowa ndi kiyi wake wa SSH, n'kuyatsa sevayo, n'kulowamo. Apa mumachita ntchito yonse yomwe simukufuna kudzaibwerezanso. Mumaika maapudeti onse. Mumaika `qemu-guest-agent`, kapulogalamu komwe kamathandiza Proxmox kuona adiresi ya seva ndi kuizimitsa mwaulemu, n'kukumbukira kukaloleza kumbali ya Proxmox ndi `qm set 9000 --agent enabled=1`. Mumaika `nginx` ngati makope onse adzakhale a masamba a pa intaneti. Mumakonza nthawi ndi `timedatectl set-timezone Africa/Blantyre`, kuti malipoti a seva asamatsalire maola awiri kumbuyo kwa wotchi ya pakhoma. Kwa amene intaneti amachita kugula ya bandulo, phindu loyamba laonekera kale pamenepa, popeza zonsezi mwazitsitsa kamodzi osati kakhumi.

Funso loti m'tempuleti mulowe chiyani lili ndi yankho lalifupi. Mulowe chokhacho chomwe seva iliyonse yotuluka m'menemo idzachifune mofanana. Pasiwedi ya nkhokwe ya mayina a ophunzira isalowemo. Satifiketi ya tsamba limodzi isalowemo. Pulogalamu yolondera maseva itha kuikidwa, koma isalembetsedwe kulikulu lake, chifukwa ikalembetsedwa, makope onse adzakafika kumeneko ndi dzina limodzi, ndipo pa sikirini muzidzaona seva imodzi yomwe manambala ake akungodumphadumpha. Tempuleti imakoperedwa, imasungidwa m'malo osiyanasiyana, imabwerekedwa kwa mnzanu wa ofesi ina. Chinsinsi chilichonse chomwe mwasiyamo chimapita konse komwe yapita.

Zomwe seva imadzilembera yokha

Tsopano tafika pamtima pa nkhaniyi. Nthawi yomwe munayatsa seva ija kuti muikonze, idadzilembera zinthu zingapo zosonyeza kuti iyo ndi iyo. Simunaipemphe, ndipo sidakuuzeni.

Choyamba ndi nambala ya makina, yomwe imakhala mu fayilo ya `/etc/machine-id`. Ndi mzere umodzi wa zilembo ndi manambala 32, ndipo imapangidwa pa kuyatsa koyamba. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo, koma ili ndi ntchito yaikulu pa netiweki. Kompyuta ikafuna adiresi, imapempha kwa seva ya DHCP, yomwe imasunga kaundula wa amene yamupatsa adiresi iti. Tidazolowera kuganiza kuti kaundulayu amayendera nambala ya khadi la netiweki, ija ya MAC, ndipo popeza Proxmox imapatsa kope lililonse MAC yatsopano, timaona ngati nkhani yatha. Koma Ubuntu ya maseva sidzitchula ndi MAC popempha adiresi. Imatumiza chizindikiro china chomwe imachipanga kuchokera ku nambala ya makina ija pamodzi ndi dzina la khadi. Makope atatu okhala ndi nambala ya makina imodzi, khadi lawo lili ndi dzina limodzi, amatumiza chizindikiro chimodzi. Seva ya DHCP yomwe imamvera chizindikirocho, ndipo ambiri amatero, imaona ngati ndi kompyuta imodzi yomweyo ikungobwerezabwereza pempho lake. Imapereka adiresi imodzi kwa onse atatu.

Chachiwiri ndi makiyi a SSH a seva yeniyeniyo, omwe amakhala mu `/etc/ssh/` ndipo mayina awo amayamba ndi `ssh_host_`. Awa si makiyi anu olowera aja ayi. Ndi omwe seva imadzitsimikizira nawo kwa inu. Mukalowa koyamba, kompyuta yanu imasunga chidindo cha kiyi wa sevayo, ndipo tsiku lina pa adiresi yomweyo pakayankha seva ya kiyi wina, imakana kulowa n'kulemba mwa zilembo zikuluzikulu kuti `REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED!` Chenjezo limeneli ndi lomwe limakutetezani kwa munthu woima pakati panu ndi seva n'kumanamizira kuti ndi iyo. Makope onse akagawana kiyi mmodzi, munthu amene wathyola seva imodzi, ngakhale ija yoyeserera yomwe palibe amaisamala, watenga kiyi womwe angadzionetsere nawo ngati seva ina iliyonse ya banjalo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'choti zolakwika ziwirizi zimabisana. Taganizirani woyang'anira wathu uja atapanga tempuleti kuchokera ku Ubuntu yoikidwa pamanja, osafufuta kalikonse, n'kutulutsa makope atatu. Ayatsa loyamba, lilandira 192.168.10.57, zonse zili bwino. Ayatsa lachiwiri ndi lachitatu, nawonso alandira 192.168.10.57. Iye alowa pa adiresiyo, ayamba ntchito, pakapita mphindi zochepa sikirini ingouma. Alowanso, apeza kuti fayilo yomwe analemba posachedwa kulibe. Aganiza kuti mwina sanaisunge, ailembanso. Chomwe chachitika n'choti ulendo woyamba analowa m'kope loyamba, ulendo wachiwiri m'kope lachitatu. Makiyi akadakhala osiyana, kompyuta yake ikadamuimitsa ndi chenjezo lija ndipo akadadziwa nthawi yomweyo kuti pa adiresiyi pali maseva oposa imodzi. Koma poti makiyi ndi amodzi, dzinanso ndi limodzi, palibe chomwe chikumuuza kuti wasintha nyumba. Munthu atha kutha tsiku lonse akukayikira mawaya ndi switchi.

Kuzindikira vutoli n'kosavuta mukadziwa poyang'ana. Pa kompyuta ina ya pa netiweki yomweyo, lembani `ip neigh` kangapo motalikitsa pang'ono, n'kumayang'ana mzere wa adiresi yovutayo. Ngati MAC yomwe ili pambali pake ikusinthasintha, ndiye kuti makhadi angapo akulimbirana adiresi imodzi. Kenaka tsegulani kope lililonse kudzera pa sikirini ya Proxmox, osadzera pa netiweki, n'kulemba `cat /etc/machine-id`. Manambala akafanana, mwaupeza muzu.

Chachitatu ndi chikumbumtima cha cloud-init. Ikamaliza ntchito yake pa kuyatsa koyamba, imalemba kuti yatha, komanso imalemba fayilo ya netiweki, `/etc/netplan/50-cloud-init.yaml`, yomwe imamangirira makonzedwe a adiresi ku MAC ya khadi lomwe idalipeza. Kope lili ndi MAC ina. Ngati pa chifukwa china cloud-init siidzukanso m'kopemo, sevayo imayaka bwinobwino koma imakhala ikudikira khadi lomwe kulibe, ndipo siioneka pa netiweki mpang'ono pomwe. Vuto limeneli ndi losiyana ndi loyamba lija: kuja adiresi inali imodzi kwa onse, kuno kulibe adiresi n'komwe.

Mankhwala a zonse zitatuzi ndi mizere yochepa, yomwe mumailemba m'kati mwa sevayo pa mapeto penipeni:

```
sudo apt clean
sudo cloud-init clean --logs
sudo rm -f /etc/ssh/ssh_host_*
sudo truncate -s 0 /etc/machine-id
sudo poweroff
```

Mzere woyamba umangochotsa mafayilo otsala a maapudeti kuti tempuleti ipepuke. Wachiwiri umaiwalitsa cloud-init zonse zomwe idachita. Wachitatu umachotsa makiyi. Kunena zoona, cloud-init imapanga makiyi atsopano yokha ikazindikira kuti ili mu seva yatsopano, komabe ine ndimawachotsa ndithu, chifukwa tempuleti yopanda kiyi ilibe choti n'kubedwa. Dziwani chabe kuti ngati tempuleti yanu ilibe cloud-init yogwira ntchito, pakhoza kusowa wopanga makiyi atsopano, SSH n'kukana kuyamba, inu n'kupezeka kuti mwadzitsekera kunja. Zikatero mumalowera pa sikirini ya Proxmox n'kulemba `sudo ssh-keygen -A`, lomwe limapanga makiyi onse osowa.

Mzere wachinayi ufunika kuuonetsetsa. Sukufufuta fayiloyo, ukungoikhuthula kuti itsale yopanda kanthu. Linux ikamayaka n'kupeza fayiloyo ilipo koma ili mbee, imapanga nambala yatsopano n'kulembamo. Pali kamsampha kamodzi. Nambala yomweyi imapezekanso pa `/var/lib/dbus/machine-id`. Nthawi zambiri iyi imangokhala kalozera woloza ku fayilo yoyamba ija, ndipo zikatero palibe vuto. Koma ikakhala fayilo payokha yokhala ndi nambala yakale, nambalayo ikhoza kubwerera momwe mwaichotsamo. Yang'anani ndi `ls -l /var/lib/dbus/machine-id`. Mukaona kamuvi koloza ku `/etc/machine-id`, pitirirani. Mukapanda kukaona, fufutani fayiloyo n'kuikapo kalozera.

Mzere womaliza nawonso ndi mbali ya mankhwala. Mukatha kufufuta, zimitsani, ndipo musayatsenso. Ambiri amagwa pamenepa. Amafufuta zonse bwinobwino, kenaka amakumbukira kanthu kamodzi komwe aiwala, n'kuyatsa kwa mphindi ziwiri zokha. Pa mphindi ziwirizo seva yadzipangira nambala yatsopano ndi makiyi atsopano, ndipo zimenezo ndi zomwe zitsekeredwe m'tempuleti. Mukayatsa, bwerezani mizere yonse ija kuyambira pamwamba. Musanazimitse ndi bwinonso kuchotsa mbiri ya malamulo omwe mwalemba, makamaka ngati penapake munalemba pasiwedi pamzere.

Ku Windows nkhani ndi yomweyi, kungoti chida chake n'chimodzi. Chimatchedwa Sysprep, chimakhala mu `C:\Windows\System32\Sysprep`, ndipo chimayendetsedwa motere: `sysprep /generalize /oobe /shutdown`. Chimachotsa nambala ya chitetezo ya kompyutayo, ija ya SID, ndi zina zonse za kompyuta imodzi, n'kuizimitsa. Microsoft siivomereza makope a Windows opangidwa popanda kudutsa pamenepa. Ndipo kope lililonse la Windows limafuna laisensi yake, kukopera sikuchotsa ngongole imeneyo.

Kutseka ndi kutulutsa makope

Seva ikazima, lamulo la `qm template 9000` limaisandutsa tempuleti. Kuyambira pamenepo Proxmox siilola kuti iyatsidwe, ndipo disiki yake imakhala yongowerenga basi. Ichi ndi chitetezo chabwino ku vuto la mphindi ziwiri lija. Kutulutsa kope kuli motere:

```
qm clone 9000 101 --name tsamba1 --full
qm set 101 --ipconfig0 ip=192.168.10.21/24,gw=192.168.10.1
qm start 101
```

Dzina lomwe mwapereka pa mzere woyamba ndi lomwe cloud-init idzapatse sevayo. Mzere wachiwiri umalemba adiresi yokhazikika m'kalata ija, popeza seva ya masamba siyenera kumasinthasintha adiresi. Munthu wolowa ndi kiyi wake zimabwera zokha kuchokera ku tempuleti. Mubwereza ndi 102 ndi 103, mayina tsamba2 ndi tsamba3, maadiresi othera ndi 22 ndi 23, ndipo maseva atatu aima.

Musafulumire kuwapatsa ntchito. Lowani mu awiri oyamba, dikirani kuti `cloud-init status --wait` inene kuti `done`, kenaka yerekezani zinthu izi:

```
hostnamectl
ssh-keygen -lf /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub
ip -br addr
```

Lamulo loyamba limaonetsa dzina ndi nambala ya makina, lachiwiri chidindo cha kiyi, lachitatu adiresi. Zonsezi ziyenera kusiyana pakati pa tsamba1 ndi tsamba2. Kope limodzi silingakuuzeni ngati tempuleti ili bwino, chifukwa likakhala lokha palibe lolimbana nalo. Tempuleti yatsopano imayesedwa ndi makope awiri, oyatsidwa nthawi imodzi.

Liwu la `--full` pa mzere woyamba uja likusankha pakati pa mitundu iwiri ya makope, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Kope lathunthu limatenga zonse za pa disiki ya tempuleti n'kuzilemba pamalo pake. Limatenga kanthawi, limadya malo, koma likatha ndi lodziimira, moti mutha kulisamutsira ku disiki ina, ndipo tempuleti itafufutidwa ilo silingamve kanthu. Mukasiya liwulo pokopera kuchokera ku tempuleti, Proxmox imapanga kope lodalira. Ili silikopera kanthu poyamba. Limawerenga kuchokera pa disiki ya tempuleti, n'kumasunga pamalo pake zokhazo zomwe zasintha. Limatuluka m'masekondi ochepa.

Tiike manambala. Ngati m'tempuleti muli zinthu zokwana magigabaiti 3, makope khumi athunthu ayamba ndi magigabaiti 30, pomwe makope khumi odalira ayamba pafupifupi opanda kanthu. Kwa mphunzitsi amene akufuna maseva makumi awiri a kalasi ya masana ano, oti mawa afufutidwa, kope lodalira ndi lomwe likuyenera. Koma lili ndi mtengo wake. Pa mitundu yambiri ya malo osungira, tempuleti siingafufutidwe pomwe ana ake akadalipo, ndipo Proxmox imakana mukayesa. Makopewo amakhala pa malo osungira omwewo pomwe pali tempuleti. Ndipo disiki ya tempuletiyo ikaonongeka, onse amaonongekera limodzi. Kwa seva yomwe ikhale zaka ikutumikira anthu, ine sindizengereza, ndimasankha lathunthu.

Pali chinanso chomwe kupepuka kwa makope kumabisa. Kope lililonse lalonjezedwa magigabaiti 20, ndipo limakhulupirira kuti ali pomwepo. Makope khumi ndi lonjezo la magigabaiti 200. Pa malo osungira a `local-lvm`, Proxmox imakulolani kulonjeza zoposa zomwe muli nazo, poyembekeza kuti onse sadzadza nthawi imodzi. Koma maseva amakula, ndi maapudeti, ndi malipoti, ndi zithunzi zomwe anthu amaikamo. Tsiku lomwe malo enieni atha, maseva amaima, ngakhale m'kati mwa iliyonse mukuoneka kuti malo akadalipo ambiri, ndipo zomwe zinali kulembedwa pa nthawiyo zikhoza kuonongeka. Lamulo la `lvs` pa bokosi lenilenilo limaonetsa pansi pa `Data%` kuti malo adyeka bwanji, ndipo ndi loyenera kumaliyang'ana kawirikawiri. Memore nayo siichuluka chifukwa chokopera. Makope khumi a magigabaiti 2 akufuna magigabaiti 20, osawerengera ya Proxmox mwini.

Tempuleti imakalamba

Tsiku lomwe mwaitseka, tempuleti imaima pomwepo, koma Ubuntu siima. Maapudeti a chitetezo amatuluka pafupipafupi. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, kope lotuluka m'tempuleti ija limabadwa ndi mabowo onse omwe adapezeka pa miyeziyo. Proxmox imayesa kuthandiza pouza cloud-init kuti iike maapudeti pa kuyatsa koyamba, ndipo izi zimachitika zokha pokhapokha mutaziletsa ndi `--ciupgrade 0`. Ndi chitetezo chabwino, koma onani zomwe chikuchita. Tempuleti ikakhala yakale, kope lililonse limatsitsa lokha mulu wa maapudeti, ndipo phindu la bandulo lija latha. Komanso kope la mu Malichi ndi kope la mu Seputembala sakhalanso ofanana, ngakhale atuluka m'tempuleti imodzi. Tsiku lina tsamba lidzagwira bwino pa tsamba1 n'kukana pa tsamba4, ndipo mudzayamba kufufuza poganiza kuti maseva ndi ofanana pomwe sali.

Njira yake ndi kukonzanso tempuleti nthawi ndi nthawi, mwina mwezi uliwonse, kapena pakatuluka apudeti yaikulu ya chitetezo. Popeza yakale siyatsidwa, mumatulutsamo kope lathunthu, tinene 9001, n'kuliyatsa, kuika maapudeti, kubwereza mizere yofufutira ija, kuzimitsa, n'kulitseka kukhala tempuleti. M'dzina lake muikemo chaka ndi mwezi, monga `ubuntu2404-golide-2025-03`, kuti aliyense aone msinkhu wake asanaigwiritse ntchito. Yakale musaifufute tsiku lomwelo. Isungeni kufikira yatsopano itabala makope awiri oyesedwa, ndipo ngati ili ndi makope odalira, ikhalabe mpaka iwo atatha ntchito.

Kukonzanso kuchokera ku kope la kope kuli ndi malire ake. Ulendo uliwonse mumatsala tizinthu, fayilo yomwe wina adasintha pamanja, pulogalamu yomwe idaikidwa poyesera n'kuiwalika, ndipo pakatha chaka palibe amene angafotokoze zonse zomwe zili m'katimo. N'chifukwa chake chilichonse chomwe mwachita pokonza tempuleti chiyenera kulembedwa mu fayilo imodzi, lamulo ndi lamulo, motsatana, ndipo fayiloyo isungidwe kunja kwa bokosilo. Mabungwe akuluakulu amagwiritsa ntchito chida chotchedwa Packer, cha kampani ya HashiCorp, chomwe chimawerenga fayilo yotere n'kumanga tempuleti chokha kuyambira pa disiki yatsopano. Ofesi ya munthu mmodzi siifunika kufika pamenepo. Fayilo wamba ya malamulo makumi awiri ndi yokwanira, bola ikhale yoti mnzanu angaitsatire inu kulibe, n'kutulutsa tempuleti yomweyo.

Dziwaninso kuti tempuleti yatsopano siikhudza maseva omwe adatuluka kale. Tsamba1, tsamba2 ndi tsamba3 adasiyana nayo tsiku lomwe adakoperedwa, ndipo ngakhale makope odalira amawerengabe disiki yakale ija, osati yatsopano. Kuti afanane ndi atsopano pali njira ziwiri. Mutha kuwaika maapudeti pawokhapawokha, pamanja kapena ndi chida monga Ansible chomwe chimalemba malamulo omwewo m'maseva onse nthawi imodzi. Kapena mutha kutulutsa makope atsopano, kusamutsirako ntchito, n'kufufuta akale. Njira yachiwiriyi imatheka pokhapokha ngati katundu wa sevayo, mafayilo a tsamba ndi nkhokwe yake, ali pa disiki ina yapadera kapena pa seva ina. Choncho pomwe mukutulutsa tsamba1, lipatseniretu disiki yachiwiri ya katundu ndi `qm set 101 --scsi1 local-lvm:50`, kuti disiki yochokera ku tempuleti ikhale ya Ubuntu ndi mapulogalamu okha, yoti mutha kuitaya n'kuikapo ina ya mwezi uno popanda kutaya ntchito ya munthu aliyense.